Kadontho kamodzi pa mafupa a bulu

"Asalam alaikum achimwene. Mwamuna wanga ali ndi Msahafu wa pafoni omwe pa Sura Bakara aya 259 walemba nunshiruha pomwe wanga wapepala walemba nunshizuha. Wolakwika ndi uti? Nanga omasulira amatsatira uti?"

Waalaikum salam achemwali. Nditangowerenga imelo yanu ndinasiya kaye foni pansi, chifukwa aya yomweyi inandichititsa manyazi pamaso pa anthu zaka zapitazo ndipo mpaka pano ndikaifika powerenga mtima umagunda.

Nthawi imeneyo ndinali ku Joni, ndimagwira ntchito mushopu ya nsalu, ndie Ramadhani itakwana timakaswali Tarawehe mukachipinda kena ka pamwamba pa mashopu, kapeti yobiriwira yothothoka m'mphepete, fani imodzi yolira ngati chigayo. Amene amatsogolera anali bambo wachikulire wa ku Senegal. Usiku woyamba pa Fatiha ndinamva akuti "maliki yaumiddin" osakoka ma, pomwe ife ku madrasa kwathu ku Mangochi tinaphunzira "maaliki", koma ndinangoti ndi lilime la kwawo basi. Usiku wachitatu tinalowa juzu yachitatu, nkhani ija ya munthu amene anadutsa pa mudzi wogumuka nkufunsa kuti Allah adzaupatsa bwanji moyo, kenako anamwalira zaka 100 nkudzutsidwa, chakudya chake chisanavunde koma bulu wake atasanduka mafupa. Bambo aja anawerenga "kaifa nunshiruha". Ine ndili pa safu yoyamba ndinakweza mawu, "nunshizuha!" Iwo anabwereza momwe anawerengera. Ndinawakonzanso kachiwiri, mokweza kuposa poyamba, mpaka woyandikana nane anandigwira mkono.

Swala itatha sanakalipe ayi. Anandiitana, anatsegula Msahafu wawo wa masamba achikasu nkuloza ndi chala, ndipo pa chilembo chomwe ine ndimachidziwa ndi kadontho pamwamba panalibe kadontho. Ra, osati zai. Ndinaonanso kuti fa yawo ili ndi kadontho pansi ndipo kafu ili ndi kamodzi kokha pamwamba, kalembedwe ka kumpoto ndi kuzambwe kwa Afirika, moti poyamba ndinalephera nkuwerenga komwe. Anangondiuza mawu awiri, "Warsh, Nafi," kutanthauza kawerengedwe ka Nafi kudzera mwa wophunzira wake Warsh. Usiku umenewo sindinagone, ndimalira, chifukwa kuyambira ndili mwana ndinauzidwa kuti palibe olo kadontho kamodzi kosiyana m'Misahafu ya padziko lonse.

Ndipo apa ndilankhule mosapsatira, aphunzitsi amene amauza ana zimenezi akuwakonzera dzenje. Cholinga chawo nchabwino, ndikudziwa, koma mwana ameneyu akadzakula nkulandira kavidiyo pa WhatsApp koonetsa Misahafu iwiri yosiyana chilembo, adzaganiza kuti amubisira kanthu, pomwe nkhaniyi ma ulama anailemba poyera kalekale. Ibn Mujahid amene anamwalira mu 936 ku Baghdad analemba za owerenga asanu ndi awiri, Ibn al-Jazari amene anamwalira mu 1429 anatsindika za khumi, ndipo iyeyu anaika poyera kuti kawerengedwe kovomerezeka kayenera kukwaniritsa zinthu zitatu: kagwirizane ndi malamulo a Chiarabu, kagwirizane ndi mafupa a zilembo za Msahafu wa Uthman, komanso mndandanda wa omwe anakalandira kuchokera kwa aphunzitsi awo ukhale wolondola. Ndati mafupa a zilembo chifukwa Misahafu yoyambirira timadontho tinalimo tochepa kwambiri, mawu ambiri analibe nkomwe, ndie ra ndi zai zimaoneka chimodzimodzi. Sikuti munthu amangosankha yomwe yamusangalatsa, amawerenga momwe anamvera kwa shehe wake. Pa aya yanuyi, mwa owerenga asanu ndi awiri aja, Asim, Ibn Amir, Hamza ndi Kisai anawerenga ndi zai, Nafi, Ibn Kathir ndi Abu Amr ndi ra. Ife kuno timatsatira Hafs kuchokera kwa Asim, kawerengedwe komwe kanafala kwambiri makamaka chisindikizireni Msahafu wa ku Cairo mu 1924, pomwe ku Morocco, Algeria ndi Senegal ambiri ali pa Warsh.

Tanthauzo lake

Nunshizuha, ya zai, ikuchokera ku tsinde lotanthauza kukwera, malo okwera amatchedwa nashz. Ndie chithunzi chake nchakuti mafupa ali mbwee pansi, akunyamulidwa, lina kukwera pa linzake mpaka bulu waima chigoba chokha, kenako aya ikupitiriza kuti tikuwaveka mnofu. Nunshiruha, ya ra, ndi tsinde lomwe lija la kuukitsa akufa, lomwe mumalimva m'mawu akuti ansharah kumapeto kwa Sura Abasa aya 22. Apa tanthauzo ndi lakuti tikuwapatsa moyo. Munthu uja funso lake linali la moyo, ndie ya ra ikuyankha funsolo mwachindunji, ya zai ikukuonetsani ntchitoyo ikuchitika fupa ndi fupa. Sizikutsutsana, komanso sizofanana, ndipo ine zimandipweteka wina akamati "ndi chimodzimodzi basi" ngati akuthamangitsa ntchentche. Mukadziwa zonse ziwiri mumaona zambiri kuposa wodziwa imodzi.

Tsono vuto la womasulira ndi lakuti mu Chichewa kapena chilankhulo china chilichonse kadontho kamodzi kaja kamasanduka mawu awiri osafanana olo pang'ono, "timawalumikiza" ndi "timawaukitsa", ndipo mumzere mumangolowa amodzi. Ambiri amangotenga Hafs nkupitirira osanena kanthu, mwina anatchula kamodzi m'mawu oyamba omwe palibe amawawerenga. Ena amaika kanambala nkulemba mmunsi mwa tsamba kuti owerenga akutiakuti amati chakuti, ndipo kwa ine njira yachilungamo ndi imeneyi. Ena amatsekera tanthauzo lachiwiri m'mabulaketi pakati pa aya, zomwe zimasokoneza chifukwa wowerenga sangadziwe ngati ndi kawerengedwe kena kapena ndemanga chabe ya womasulirayo.

Koma chomwe chimandikwiyitsa zedi ndi ichi. Womasulira amakhala ndi tafsiri pambali, eti, ndipo tafsiri zakale sizinali zonse pa Hafs. Tengani Jalalain yomwe mashehe athu ambiri anaphunzira, pa aya imeneyi imayamba ndi ya ra nkumasulira kuti timawapatsa moyo, kenako ndi pomwe imati pali kawerengedwe kena ka zai kotanthauza kuwagwedeza ndi kuwakweza. Womasulira wothamanga akangokopera tanthauzo loyambalo, mupeza tsamba lomwe Chiarabu chake chili ndi zai koma kumasulira kwake ndi kwa ra, popanda mawu aliwonse ofotokoza. Kumeneko ndiye kulakwitsa kwenikweni, osati kwa bambo a ku Senegal aja.

Ndie achemwali, palibe wolakwika pa Misahafu yanu iwiriyo. Amuna anu alowe pa zosankha za pulogalamuyo aone ngati sipanalembedwe Warsh kapena Qalun, wophunzira wina wa Nafi, ndipo chizindikiro china nchakuti manambala a ma aya amaphonyana pang'ono, chifukwa kuwerengera kwa mumzinda wa Kufa komwe Misahafu ya Hafs imatsatira kumapeza ma aya 6236 pomwe kwa ku Madina komwe Misahafu ya Warsh imatsatira kumapeza 6214. Wapepalawo tsegulani masamba omalizira, nthawi zambiri pamalembedwa kuti ndi riwaya, kutanthauza kawerengedwe, ya ndani. Mukafuna kuyesa buku lomasulira, pitani pa aya yomweyi, mukapeza kukweza kapena kulumikiza mafupa ndiye kuti latsatira zai, mukapeza kuukitsa latsatira ra. Poswali aliyense akhale pa kawerengedwe komwe anaphunzira kwa shehe wake, ndipo ngati akuphunzitsa ana kunyumbako asinthe pulogalamuyo ikhale pa Hafs kuti zifanane ndi za ku madrasa.