Gudiwilu ayambe kutha, zotsala mugawane

"Ndine akauntanti. Kampani yathu inagula kampani ina zaka 3 zapitazo. M'mabuku gawo limenelo lili pa 1,000 (m'mamiliyoni): gudiwilu 200, nyumba 300, mashini 400 ndi laisensi 100. Nditawerengera ndapeza kuti mtengo watsika ndi 240, ndiye ndagawa luziyo pa zinthu zonse zinayi molingana ndi mtengo wake. Odita wabweza. Ndalakwitsa powerengera kapena pogawa? Tebulo langa ndatumiza."

Mwalakwitsa pogawa. Kuwerengera kwanu ndakubwereza ndekha ndipo 240 ikutuluka, ngakhale pali malo amodzi amene ndikufuna muwayang'anenso musanabwerere kwa odita.

Tiyambe ndi kumene 240 yachokera, kuti ena owerenga atsatire. Gudiwilu, ndalama imene munalipira pamwamba pa mtengo wa katundu wa kampani imene munagula, sabweretsa ndalama payekha, ndiye IAS 36, lamulo la akaunti la kutsika kwa mtengo wa katundu, imati ayesedwe pamodzi ndi gawo la bizinesi limene limadzipangira ndalama palokha, ndipo ayesedwe chaka chilichonse kaya pali chizindikiro cha vuto kaya palibe. Mtengo wa m'mabuku wa gawolo mumauyerekeza ndi zimene mungapezemo. Zimene mungapezemo zili pawiri: ndalama zimene mungatsale nazo mutaligulitsa n'kuchotsa zolipira pogulitsa, kapena mtengo wa lero wa ndalama zimene lidzabweretse mukapitiriza kuligwiritsa ntchito. Mumatenga chachikulu pa ziwirizi. Mu tebulo lanu mtengo wogulitsira uli pa 700.

Ndalama zimene mukuyembekeza kuti zizitsala chaka ndi chaka, zolowa kuchotsa zotuluka, ndi 76, 78, 80, 81 ndi 82, ndipo mwazitsitsa ndi reti ya 12 peresenti. Kutsitsako n'kungovomereza kuti ndalama ya mawa siyofanana ndi imene muli nayo m'manja lero: 76 ya chaka chamawa lero ndi pafupifupi 68, pamene 82 ya chaka chachisanu lero ndi 47 yokha. Zisanuzo pamodzi zikupanga 285.

```
=NPV(12%,76,78,80,81,82)
=82*1.02/(0.12-0.02)/1.12^5
```

Mzere wachiwiriwo ndi wa zaka zonse zobwera chaka chachisanu chikadutsa, poganiza kuti ndalama zizikula ndi 2 peresenti pachaka. Ukupereka 475. Mukaphatikiza ndi 285 ija zikupanga 760, ndipo popeza 760 yaposa 700, ndiyo timaigwiritsa ntchito. Mukachotsa 760 pa 1,000 mutsala ndi 240.

Taonani bwino 475 imeneyi. Pa 760 yonse, gawo loposa 60 peresenti likuchokera ku zaka zimene palibe anazilembera bajeti, ndipo lagona pa manambala awiri okha. Mutatsitsa reti kufika pa 11 peresenti, 760 ija imalumpha kufika pa 844, luzi n'kutsika kufika pa 156. Peresenti imodzi yokha yachotsa 84. N'chifukwa chake mabwana akaona luzi, chala chawo chimathamangira pa reti, ndipo n'chifukwa chakenso odita amayambira pomwepo. Khalani ndi umboni wa kumene 12 yachokera. Lamulo limafuna reti ya msonkho usanachotsedwe, yogwirizana ndi ndalama zimene nazonso msonkho sunachotsedwe. Ambiri amayamba ndi WACC, reti yapakati ya zimene kampani imalipira pa ndalama za ngongole ndi za eni ake, imene ndi ya msonkho utachotsedwa kale, n'kuiika pa ndalama zosachotsedwa msonkho, mtengo n'kufufuma popanda chifukwa. Onaninso kuti ngati reti yanu ili ndi kukwera kwa mitengo mkati mwake, ndalamazonso zikhale nako. Kukula kwa 2 peresenti kusapose mmene malonda a mtundu umenewo, kapena chuma cha dzikolo, chimakulira pa nthawi yaitali.

Malo amene ndanena aja ndi awa: m'munsi mwa tebulo mwalemba kuti abwana akufuna muwonjezere phindu la mashini atsopano amene akuganiza zogula chaka chachitatu. Musawonjezere. Gawolo limayesedwa mmene lilili lero. Ndalama zokonzera ndi kusinthira mashini okalamba kuti ntchito isatsike zimalowa, koma zokulitsira bizinesi pamodzi ndi phindu lake sizilowa. Chimodzimodzi ndalama zimene mungapulumutse pochepetsa antchito ngati kampani sinadzimange kale kuti ichita zimenezo. Chiwongoladzanja cha ngongole nachonso chisalowe, chifukwa chili kale mu reti.

Tsopano kugawa. Ndime 104 ya IAS 36 imaika ndondomeko: gudiwilu ayambe ndiye kudulidwa mpaka atheretu, ndipo zotsala zokha ndizo zimagawidwa pa katundu wina. Nzeru yake ndi yomveka. Gudiwilu ndi ndalama yapamwamba imene munalipira chifukwa choyembekezera phindu lalikulu, ndiye phindulo likalephera kubwera, choyamba kugwa ndi chiyembekezocho. Inu munamudula 48 yokha, n'kumusiya pa 152, pamene nyumba ndi mashini zinasenza katundu amene si wake. Moyenera, 200 yonse ichoke. Patsala 40.

40 imeneyi igawidwe molingana ndi mitengo ya m'mabuku ya zitatu zotsalazo, zimene pamodzi ndi 800. Nyumba itenga 15, mashini 20, laisensi 5.

Koma simunathe. Ndime 105 imaletsa kutsitsa chinthu chilichonse kupyola chachikulu pa zitatu izi: mtengo wake wogulitsira mutachotsa zolipira, mtengo wake wa pochigwiritsa ntchito ngati ungadziwike, ndi ziro. Lipoti la oyeza mitengo limene mwatumiza likuti nyumba ingakusiyireni 295 mutaigulitsa. Mukaidula 15 ifika pa 285, kutanthauza kuti mabuku akunena kuti nyumbayo ndi yotsika kuposa zimene wogula angakupatseni mawa. Choncho nyumba itenga 5 basi. 10 imene yakana ibwerera kwa mashini ndi laisensi, pa muyezo wa 400 ndi 100, ndiye mashini awonjezera 8, laisensi 2.

Mapeto ake gudiwilu ali pa 0, nyumba 295, mashini 372, laisensi 93. Phatikizani. Ikatuluka 760 ndiye kuti mwagawa bwino, ikapanda kutero pali pamene mwataya kapena kubwereza. Zikanakhala kuti mashini ndi laisensi nazonso zafika pa malire ake luzi isanathe, yotsalayo simukanaikakamiza pa chilichonse, ndipo simukanailemba ngati ngongole pokhapokha lamulo lina litafuna zimenezo. Katundu wogulitsa ndi ngongole za makasitomala, zikanakhalamo, sizikanalandirako gawo, poti zili ndi malamulo ake, IAS 2 ndi IFRS 9.

240 yonse ipita ku akaunti ya phindu ndi luzi chaka chino. Kusiyana kungabwere ngati nyumbayo munaikwezapo mtengo m'mabuku kale, pamenepo 5 yake iyamba kudya ndalama yokwezera ija. Chaka chamawa musaiwale kuwerengera kutha kwa mashini kuchokera pa 372, osati 400, pa zaka zimene zatsala.

Abwana adzafunsa ngati zimenezi zingabwezedwe malonda akadzayenda bwino. Pa mashini, laisensi ndi nyumba n'zotheka, ngati zimene munaganiza powerengera zasinthadi, koma osapyola mtengo umene zikanakhala nawo pakanapanda kudulidwa. Pa gudiwilu ayi. Ndime 124 imakaniratu, chifukwa mtengo ukadzakweranso amati ndi gudiwilu watsopano amene mwadzipangira nokha, ndipo ameneyo salembedwa m'mabuku. Apa ndi pamene kagawidwe kanu kakanakusokeretsani kawiri: gudiwilu wa 152 akanatsala pamene anayenera kutha, ndipo 152 imene munaisenzetsa katundu wina molakwika ikanaoneka ngati ingadzabwezedwe. Odita anaona zimenezo. Mukamabwerera kwa iye, tengani lipoti la nyumba lija ndi pepala losonyeza gwero la 12 peresenti.