Musanatumize ndalama ya nsapato, pemphani zithunzi izi

"Ndaona Nike Air Force 1 zoyera pa Facebook. Wogulitsa ali ku Lilongwe, ine ndili ku Mzuzu, ndipo akuti ndiyambe ndatumiza ndalama pa Airtel Money. Ndingamupemphe bwanji zithunzi zina popanda kuoneka ngati ndikumuyesa wakuba?"

Mbale wanga, wogulitsa amakhumudwa mukamufunsa kuti "kodi si zafeki izi?" Koma mukatchula malo enieni amene mukufuna kuona, amazindikira kuti ndinu kasitomala wotsimikiza. Ine ndimalemba chonchi:

"Muli bwanji achimwene? Nsapato zoyera zija, saizi 42, ndazikonda ndipo ndalama ndakonza kale. Popeza ndili kutali, chonde ndithandizeni ndi zithunzi izi: kalebulo ka mkati mwa nsapato zonse ziwiri, lebulo ya pabokosi ngati lilipo, ndi msoko wa kuchidendene ndi wozungulira chizindikiro cha Nike, mwapafupi. Pambali pa nsapatozo muikepo kapepala kolembapo deti la lero. Mujambule panja powala, mutumize pa WhatsApp ngati Document. Ndikaona, nditumiza ndalama lero lomwe. Zikomo kwambiri."

Kapepala ka deti kaja musakasiye. Zithunzi zokongola aliyense akhoza kuzitapa pa intaneti, koma kapepala kolembedwa pamanja lero kamasonyeza kuti nsapatozo zilidi m'manja mwake. Document nayo ili ndi chifukwa chake: chithunzi chotumizidwa mwamasiku onse WhatsApp imachifinya, ndiye mukachikulitsa timanambala timangosanduka utsi.

Zithunzi zikafika, yambani ndi kalebulo. Pamakhala nambala ya mtundu wa nsapato, zilembo ndi manambala zokwana 6 pamodzi, kamzere, kenako manambala 3. Air Force 1 '07 yoyera yonse ya amuna imakhala ndi CW2288-111. Nambalayo ifanane pa nsapato yakumanja, yakumanzere ndi pabokosi. Kenako ilembeni pa Google. Ngati pakutuluka nsapato yakuda pomwe inu akukugulitsani yoyera, ndalama yanu ikhale m'foni momwemo.

Koma apa ndikuchenjezeni. Nambalayi si ya peyala imodzi yokha, ili pa nsapato zonse za mtunduwo, ndipo opanga zafeki amaikopera bwinobwino. Yolakwika imatsutsa nsapato, koma yolondola payokha siitsimikizira kanthu. N'chifukwa chake timayang'ananso msoko. Uyende wowongoka, wosalumphalumpha, motalikirana mofanana ndi m'mphepete mwa chikopa. Ulusi wolendewera, guluu wotuluka kwambiri pamene chikopa chakumana ndi soli, kapena zidendene ziwiri zosiyana msinkhu, zonsezo zimandibweza m'mbuyo.

Ngati ndi za kaunjika, bokosi musalifunse, silikhalapo. M'malo mwake pemphani chithunzi cha pansi pa soli, muone mmene yadyekera.

Akayankha kuti "ndi orijino, musadandaule" n'kutumizanso zithunzi zomwe zija za pa Facebook, mukumbutseni kamodzi mwaulemu. Akazembanso, muuzeni kuti muli ndi m'bale ku Lilongwe amene abwere kudzaziona ndi maso n'kulipira pompo.