Mawu othokoza potseka msonkhano wa masiku awiri

"Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a mtedza kuno ku Chipata. Tikukonza msonkhano wa masiku awiri, ndipo amene alembetsa achuluka kuposa mmene tinkaganizira. Anzanga andisankha kuti ndidzathokoze anthu potseka. Kodi ndidzanene chiyani, nanga ndidzayankhule kwa nthawi yaitali bwanji?"

Mayi mlembi, kalata yanu yandikumbutsa tsiku limene ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Inenso ndinapatsidwapo ntchito yomweyi pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kwacha, ndipo tinakonzekera anthu 80 koma anafika 130, moti mipando ina tinachita kubwereka kutchalitchi. Chifukwa cha chimwemwe, ndinalemba masamba anayi. Ndinaimirira cha m'ma 3 koloko masana, n'kuyamba kutchula mlendo wolemekezeka, nthumwi ya amfumu, akuluakulu a boma ndi abusa, aliyense ndi udindo wake wonse, ngakhale kuti anthu omwewo anali atatchulidwa kale kangapo chiyambire dzulo lake. Kenako ndinabwereza mfundo za aliyense amene anaphunzitsa. Pamene ndinkafika patsamba lachitatu, ndinaona amayi ochokera ku Lundazi atanyamula zikwama, ataima pakhomo, akuyang'ana dzuwa. Ulendo wawo unali wa makilomita pafupifupi 180, ndipo ena mwa iwo akatsika basi paboma anali ndi mtunda wina wopita kumudzi. Awiri anagona ku Chipata tsiku limenelo ndi ndalama zawo, chifukwa cha pakamwa panga.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva mawa lake. M'masamba anayi onsewo sindinatchule amayi amene anaphikira anthu 130 ndi ufa woyezera anthu 80, ndipo mmodzi wa iwo anandifunsa mwaulemu ngati nsima inali yosapsa. Ndinasowa choyankha.

Kuchokera pamenepo maganizo anga anauma, ndipo sindiwasintha. Wothokoza potseka si mlendo wolemekezeka, si mphunzitsi, ndiponso si wolemba zokambirana. Ena amanena kuti mwambo wathu umafuna kuti akulu onse atchulidwe mmodzimmodzi, apo ayi wachita mwano. Ulemu kwa mafumu sindiukana, ndipo m'chigawo cha Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni palibe munthu wanzeru amene angayambe kuyankhula osapereka ulemu kwa mfumu kapena nduna yake imene yakhala kutsogolo. Koma ulemuwo umakwana m'chiganizo chimodzi, kenako mukatembenukira kwa anthu wamba, amene anasiya minda ndi ana kwa masiku awiri, pakuti mawuwa ndi awo. Ndaonanso kuti amene amatalikitsa mndandanda wa maina ndi amene amaiwala munthu, chifukwa ukatchula anthu khumi ndi mayina awo, wotsatira amadikira lake, ndipo akapanda kulimva amapita kwawo ndi mkwiyo. Mukathokoza ndi magulu, monga ophika, olembera anthu pakhomo ndi okonza holo, palibe wotsala.

Pali chinanso chimene ambiri amalakwitsa. Ngati mudzabweza ndalama za ulendo, musalole msungichuma kutsegula tebulo lake inu musanamalize, chifukwa holo idzatsala ndi mipando yokha. Koma kusunga anthu mwadala ndi ndalama zawo kuti akumvetsereni ndi nkhanza, choncho njira yabwino ndi kulipira nthawi ya chakudya chamasana.

Zimene mudzanene

Mphindi zitatu zikwana, ndipo limenelo ndi tsamba limodzi lolemba pamanja. Nambala ya obwera mudzaitenge m'kaundula wa pakhomo m'mawa wa tsiku lachiwiri, musadzaiganizire. Mukapereka ulemu kwa akulu, mungapitirize motere: "Tinakonzekera anthu 100, koma mwabwera 160, ena kuchokera ku Chadiza, ku Katete ndi ku Petauke komwe. Dzulo ena munakhala pansi ndipo chakudya chinachedwa, koma lero m'mawa mwabweranso nonse, ndipo pa ichi tikuti zikomo kwambiri." Kupepesako kukhale kamodzi kokha. Mudzatchule chinthu chimodzi chimene chinachokera kwa alimi eniake, monga funso la kaumitsidwe ka mtedza kuti usachite chuku, kuti adziwe kuti anamvedwa. Kenako mudzathokoze magulu aja, mudzanene tsiku limene adzalandire zokambirana ndi amene adzawatumizire, n'kuwafunira ulendo wabwino. Ngati pali pemphero lotsekera, mudzauziretu abusa kuti basi ya ku Petauke siyembekezera munthu.