Jambulanso kalatayo pakhonde

“Achimwene, kalata ya kuchipatala ya amayi ndajambula, tamasulira mu Chiarabu kuti achemwali aonetse abwana awo ku Muscat, koma akuti sizikumveka. Nditani?”

Eee, ndachiona chithunzi chako mugulumu. Vuto si Chiarabu ayi mchemwali wanga, vuto ndi chithunzicho. Google Translate imayamba yawerenga zilembo, kenako n’kumasulira zimene yawerengazo. Ikawerenga zolakwika imamasulirabe, siikuuza kanthu.

Taona, unajambula usiku utayatsa fulashi. Pakati pa pepala pali chigamba choyera, ndipo chagwera pamzere weniweni wa dzina la matenda. Ndiye fulashi zimitsa. Mawa kukacha tuluka nayo pakhonde, pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa pepala loyera limathobwa kamera. Ichotsenso mupulasitiki muja, imanyezimira. Uyale patebulo, pomwe inapindidwa paja usalaze ndi dzanja, m’makona utsamiritse ndi makobidi. Kuwala kuzichokera kumbali. Kukachokera kumsana kwako, mthunzi wa mutu ndi wa foni ugwera pamalembapo.

Chinanso, unajambula utakhala pampando, foni itapendekeka. N’chifukwa chake mizere yakumunsi ndi yaikulu, yakumtunda yaing’ono ndi yosaoneka bwino. Imirira, foni uigwire m’mwamba mwa pepala kamera itayang’ana pansi, iyang’anizane nalo ndendende. Pukuta kaye kagalasi ka kamera ndi chitenje, gwira ndi manja awiri, dina pamalemba ndi chala, dikira aoneke akuthwa, ndiye jambula. Makona onse anayi aoneke. Kumanja kuja unadula mawu omaliza a mizere itatu, ndiye foni inangolumikiza zotsalazo n’kupanga chiganizo china. Tsamba limodzi, chithunzi chimodzi.

Tsono apa mvetsetsa, chifukwa tonsefe Chiarabu cha mukalata sitichiwerenga. Usathamangire kumasulira. Tsegula chithunzicho mu Google Lens, kopera mawu a Chingereziwo, uwaike mu Translate, uwerenge mzere ndi mzere ukuyerekeza ndi pepala. Malo amene imakonda kuphonya ndi 1 ndi l, 0 ndi O, komanso kadontho. Pamlingo wa mankhwala, 2.5 ikataya kadontho yasanduka 25. Madeti uwaonetsetsenso, poti tchuthi cha achemwali chidalira pamenepo. Pomwe chidindo chaphimba mawu, ndi pomwe adokotala analemba pamanja, lemba wekha, foni pamenepo imangolota.

Ukaona manambala asintha maonekedwe usadabwe: m’manambala a Chiarabu kozungulira ngati ziro ndi 5, ziro ndi kadontho. Mizerenso imayambira kumanja.

Potumiza pa WhatsApp sankha Document, chifukwa ukatumiza mwachizolowezi amachifinya, tizilembo ting’onoting’ono timafufutika. Utumize zonse ziwiri, chithunzi cha kalata ndi Chiarabu chakecho, abwanawo aone chidindo. Koma usaikenso mugulu muno, muli za matenda a amayi. Nditumizire kumbali ndione kaye.