Ndinasainira ngongole ya nyumba ya mng'ono wanga, tsopano banki ikufuna ine

Funso: Ndinasaina ngati galanta pa ngongole ya nyumba ya mng'ono wanga, ya 40 miliyoni, yobweza zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti. Analipira bwino zaka zinayi, kenako ntchito inamuthera, ndipo papita miyezi isanu osalipira. Banki yandilembera kalata. Nyumbayo si yanga. Bwanji osangoigulitsa n'kundisiya ine? Pepala lomwe ndinasaina ndilibe, koma ndikufuna kuchotsapo dzina langa. — Bambo wodandaula

Yankho: Bambo, zochotsa dzina ziiwaleni kaye. Palibe banki imene imamasula galanta pa nthawi imene wobwereka wasiya kulipira, chifukwa nthawi yomwe inakufunirani ndi imeneyi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawu akuti pepala mulibe. Munavomera kusenza ngongole ya mamiliyoni makumi anayi, n'kutuluka mu banki manja lendelende! Pitani sabata ino mukapemphe, mochita kulemba, kope la chikalata chomwe munasaina, kope la mgwirizano wa ngongoleyo, ndi sitetimenti yoyambira tsiku loyamba. Banki ikakana kukupatsani sitetimenti, mng'ono wanu alembe kalata yolola kuti muione.

Chikalatacho chikafika, fufuzani choyamba kuti munasaina ngati ndani. Mboni imangotsimikiza kuti yaona munthu akusaina, ndipo siibweza kanthu. Galanta amalonjeza kulipira ngongoleyo wobwereka akalephera. Wobwereka limodzi, monga zimakhalira kawirikawiri ndi mwamuna ndi mkazi wake, ngongoleyo ndi yake kuyambira tsiku loyamba, ndipo amayenera kubweza ndalama yonse, osati theka. Ngakhale banja litatha, khoti n'kugamula kuti nyumba itsale ndi mmodzi, banki imatha kulondola onse awiri mpaka itavomera yokha kumasula winayo.

Pa mabuku galanta amaoneka wotetezedwa pang'ono, koma zikalata za mabanki zimalembedwa ndi maloya a banki, ndipo chitetezocho amachichotsa m'ndime zing'onozing'ono zimene palibe amaziwerenga. Zambiri zimanena kuti galanta adzatengedwa ngati mwini ngongole, ndiponso kuti banki siikakamizidwa kuyamba yagulitsa chikole kapena kusumira wobwereka isanabwere kwa inu. Ndimeyo ikakhalamo, banki ili ndi ufulu woyambira pa inu, ndipo imayambira pa amene ali ndi malipiro a pamwezi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho loya wanu, osati wa banki, akuwerengereni ndimeyo. Ayang'anenso ngati pali malire a ndalama zomwe mungalipitsidwe. Popanda malire, zikalata zina zimakumangani pa ngongole ina iliyonse imene mng'ono wanu angakhale nayo ku banki yomweyo, ngakhale yomwe anatenga inu osadziwa. Ndipo ngati malipiro anu amadzera ku banki imeneyo, onani ngati munailola kudzidulira ndalama mu akaunti yanu.

Tsopano tiwerengere, chifukwa mukuganiza kuti nyumba ikagulitsidwa nkhani yatha. Pa ngongole yanuyi, mng'ono wanu amalipira pafupifupi 527,000 pamwezi. M'zaka zinayi wapereka 25 miliyoni ndi kanthu. Koma m'zaka zoyambirira pafupifupi ndalama yonse imapita ku chiwongoladzanja, moti ngongole yeniyeniyo yangotsika kufika pa 38 miliyoni ndi pang'ono. Mwezi uliwonse wosalipira ukuwonjezerapo pafupifupi 480,000, tisanawerengere chindapusa cha kuchedwa.

Tiyerekeze kuti kuchokera pomwe anasiya kulipira, padutsa chaka ndi theka kuti zidziwitso, makhoti ndi malonda zithe. Ngongole idzakhala itafika cha m'ma 47 miliyoni. Maloya, woyeza mtengo wa nyumba ndi ogulitsa pa okushoni tiwaikire 3 miliyoni, yomwe banki imaiwonjezera pa ngongole yomweyo: zakwana 50 miliyoni. Nyumba yogulitsidwa mokakamiza siipeza mtengo wabwino, chifukwa ogula amadziwa kuti wogulitsa ali pa changu. Tinene kuti nyumba imene ikanagulidwa 50 miliyoni yapita pa 38. Yotsala ndi 12 miliyoni, ndipo m'maiko ambiri imeneyo imakhalabe ngongole, ikuberekabe chiwongoladzanja. Mng'ono wanu alibe ntchito, nyumba yapita. Amene angasumiridwe, kudulidwa malipiro kapena kulandidwa katundu khoti likagamula ndinu, ndipo mbiri yanu ya ngongole ikaipa, nanunso mudzavutika kubwereka.

Nchifukwa chake funso loyenera ndi lakuti ndani agulitse nyumbayo, ndiponso liti. Lero zobweza m'mbuyo ndi pafupifupi 2.6 miliyoni, ndipo ngongole yonse ili cha m'ma 41 miliyoni. Mng'ono wanu akagulitsa yekha m'miyezi itatu ikubwerayi, banki itavomereza mochita kulemba, ngakhale pa 46 miliyoni ngongole ikutha yonse, iye n'kutsala ndi kangachepe koyambira moyo wina, inu n'kumasuka. Ngati ali ndi chiyembekezo chenicheni cha ntchito, osati lonjezo la pakamwa, njira ina ndi kuika anthu a lendi m'nyumbamo ndi kupempha banki ikonzenso kabwezedwe. Koma dziwani kuti kutalikitsa zaka pa chiwongoladzanja chotere kumatsitsa malipiro a pamwezi pang'ono chabe, ndipo banki idzafuna kuti musainirenso. Musasaine chatsopano chilichonse chopanda malire a ndalama olembedwa m'manambala.

Ndikudziwa chimene chichitike mukangotchula zogulitsa. Achibale adzasonkhana n'kunena kuti mukufuna kuthamangitsa mwana wa mayi anu m'nyumba. Omwewo sanasaine kanthu, ndipo tsiku la kulanda katundu sadzaoneka. Pitani ku msonkhanowo ndi sitetimenti, muwaonetse 12 miliyoni ija, ndipo mufunse aliyense kuti alonjeza zingati pamwezi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mng'ono wanu anakhala chete miyezi isanu mpaka munamva kuchokera ku banki. Kukhala chete kumeneko kwakudyerani ndalama, ndipo mumuuze mwachikondi koma mosabisa.

Mukasankha kulipirako, ndalama isadzere m'manja mwake. Ikani mu akaunti ya ngongoleyo mwachindunji, sungani lisiti lililonse, ndipo mng'ono wanu asaine pepala lovomereza kuti ndalamayo adzakubwezerani, makamaka pa zotsala za malonda a nyumba. Lamulo limalola galanta amene walipira kuitanitsa ndalama yake kwa wobwereka, ndiponso gawo loyenera kwa magalanta anzake ngati alipo, koma popanda malisiti mudzauzidwa kuti munangothandiza ngati mkulu.

Kalata ya banki iyankheni tsiku lomwe aikamo lisanadutse, loya ataiona, ndipo musavomeremo chiwerengero chimene simunachifananize ndi sitetimenti. Zikafika poti banki ikugulitsa yokha, pemphani lipoti la woyeza mtengo, tsiku la malonda ndi mndandanda wa zonse zimene yadula, popeza m'malamulo a maiko ambiri banki imayenera kusamala kuti ipeze mtengo woyenera, ndipo ikagulitsa motaya mukhoza kutsutsa gawo la zotsalazo. Ngongole ikatha, musachoke popanda kalata yonena kuti mwamasulidwa, chifukwa chikalata cha galanta chosathetsedwa chingathe kulondola ngakhale chuma chanu chamasiye.