Lipoti la mwana loti aphunzitsi ndi makolo alimve

"Ndangoyamba kumene ntchito yoyeza ana amene akuvutika kusukulu. Lipoti langa laposachedwa linali la masamba 14, koma mayi a mwanayo atawerenga anandiimbira foni nkufunsa kuti, 'Ndiye mwana wangayu vuto lake nchiyani?' Aphunzitsi nawo akuti sanapezemo chochita. Ndizilemba bwanji kuti anthu azimva?"

Mwandikhudza pabala, mnzanga. Ambirife tinaphunzira kulemba lipoti tikuganizira amene adzatichonge kukoleji, ndipo titayamba ntchito timapitirizabe kulembera munthu yemweyo ngakhale kuti kulibenso. Amene adzagwire pepalalo ndi mayi wodera nkhawa ndi mphunzitsi wotanganidwa, amene akaliwerenga mwina kamodzi kokha, pa nthawi yopuma.

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa zaka 9 amene anabwera kwa ine atayezedwa kale kwina. Bambo ake anatulutsa lipoti m'chikwama, litapindidwa panayi, ndipo pa tsamba lachisanu ndi chimodzi anali atazunguliza nambala 8 ndi bolopeni yofiira. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Akuti wapeza 8 pa 100. Ndiye kuti mutu wake sugwira basi." Aphunzitsi anamvanso chimodzimodzi, moti anali atasiya kumufunsa mafunso m'kalasi pomumvera chisoni.

Koma 8 uja sanali malikisi ayi. Mwanayo anayezedwa ndi WISC-V, mayeso a Wechsler oyeza nzeru za ana amene anatuluka mu 2014, ndipo pa mayeso amenewa mwana wapakatikati amapeza 100. Ana pafupifupi awiri mwa atatu alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115. Pa gawo loyeza kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi uku ukuzigwiritsa ntchito, monga kumva manambala nkuwatchula chobwerera m'mbuyo, mnyamatayu anapeza 79. Nambala imeneyi ndiyo imagwera pa peresentailo 8, kutanthauza kuti mukandandalika ana 100 amsinkhu wake, iye aposa pafupifupi 8 pa luso limodzi lokhali. Pa gawo la kumvetsa mawu ndi kufotokoza anapeza 104, kuposa ana ngati 60 pa 100. Nkhani yabwinoyi inali m'tebulo lomwelo, mzere wapamwamba, koma palibe anaiona chifukwa panalibe chiganizo choifotokoza.

Wolemba lipotilo sanalakwitse nambala ngakhale imodzi. Komabe ine ndimati lipotilo linali loipa, ndipo sindibwerera m'mbuyo pa mawu amenewa. Lipoti lolondola limene lachititsa bambo kutaya mtima pa mwana wake laononga kuposa kukhala opanda lipoti.

Chimene chinali kuchitika m'kalasi nchosavuta kufotokoza. Aphunzitsi akati, "Tsegulani tsamba 40, mulembe deti, muyankhe mafunso atatu oyamba, mukatha mubweretse makope," mnyamatayu ankatsegula tsamba 40, nkulemba deti, kenako nkukhala duu, akusuzumira kope la mnzake. Malangizo awiri omalizawo anali atathawa kale m'mutu. Aphunzitsi ankaona ulesi ndi kubera. Kunyumba akamutuma zinthu zitatu ankabwera ndi chimodzi, nkumatchedwa wosamva. Ndinalemba ndime imeneyi pafupifupi mmene ndaiyalira panomu, ndipo aphunzitsi atawerenga anati, "Eee, ndi yemweyu ndithu." Akatero owerenga, dziwani kuti lipoti lagwira. Akapanda kumuzindikira mwana wawo m'zimene mwalemba, malangizo anu sawakhulupirira.

Chimandipweteka kwambiri ndi kalembedwe kotsata mayeso m'malo motsata mwana: mutu wa mayeso oyamba ndi zotsatira zake, mutu wa mayeso achiwiri ndi zotsatira zake, mpaka masamba khumi. Kumeneko nkusiyira mayi ntchito yathu yolumikiza zinthu, ntchito imene ife tinaiphunzira zaka. Anabwera ndi funso. Pa mnyamata uja funso linali loti, bwanji samaliza ntchito ya m'kalasi chonsecho pocheza ndi wochenjera? Lipoti lonse liyenera kuzungulira pa funso limenelo, ndipo umboni wochokera ku mayeso, kwa makolo, kwa aphunzitsi ndi zimene munaona nokha uzibwera pamodzi kudzaliyankha. Pamene maumboniwo akutsutsana, nenani poyera kuti akutsutsana.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali china chimene timachibisa m'zilembo zing'onozing'ono. Nambala ya mayeso siikhala yokhazikika. Mwana yemweyo mukamuyeza tsiku lina atagona bwino, 79 uja akhoza kusuntha ndi mapointi angapo, nchifukwa chake buku la mayeso limapereka malire, monga kuyambira cha m'ma 73 mpaka cha m'ma 88. Lembani zimenezi m'mawu wamba: "Luso lake lenileni lili penapake pakati apa." Chachikulu kuposa apo nchakuti ana amene anagwiritsidwa ntchito pokhazikitsa 100 uja mu WISC-V yoyambirira anali a ku America, oyankhula Chingelezi. Ngati mwana wayezedwa m'chiyankhulo chimene sayankhula kunyumba, kapena sanazolowere zithunzi ndi mafunso amtunduwo, nambala yotsika ikhoza kusonyeza kusiyana kumeneko osati nzeru zake. Izi zilembedwe pa tsamba loyamba. Ngati anali ndi njala, chimfine, kapena samva bwino khutu limodzi, zilembedwenso, ndipo nthawi zina langizo loyamba ndi loti akapimitse maso ndi makutu tisanatchule dzina la vuto lililonse.

Za malangizo

Apa ndi pamene malipoti ambiri amafera. "Mwanayu akufunika chithandizo chapadera." Chotani, ndani achite, liti? Kapena mndandanda wa malangizo 25 okopera ku lipoti la mwana wina, amene mphunzitsi wa ana ochuluka sangachite ngakhale atafunitsitsa. Kwa mnyamata uja ndinalemba anayi okha, nditayamba ndafunsa aphunzitsiwo zimene zingatheke. Malangizo a ntchito azilembedwa pakona ya bolodi ndipo asafufutidwe mpaka phunziro litatha. Polankhula naye, azimupatsa zochita ziwiri zokha pa nthawi imodzi, iye nkubwereza m'mawu ake. Pa masamu aziloledwa kulemba manambala onyamula m'mphepete mwa tsamba m'malo mowasunga m'mutu. Kunyumba azimutuma chimodzichimodzi. Langizo lililonse linali ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, ndipo tinagwirizana kukumana pakatha masabata 6 kuti tiwerenge ntchito zimene wamaliza, poyerekeza ndi kale. Sindinalonjeze kuti luso losunga zinthu m'mutulo likwera. Cholinga chinali kumuchepetsera katundu woti asunge.

Ndiye pa lipoti lanu la masamba 14, chitani izi. Tsamba loyamba likhale ndi funso limene anabwera nalo, yankho lanu m'ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zimene mwanayo amachita bwino, ndi malangizo. Matebulo onse apite kumapeto, akatswiri anzathu akawapeza komweko. Liwu lililonse laukatswiri limene simungalipewe litsatane ndi chitsanzo cha m'kalasi. Zachinsinsi za m'banja zimene aphunzitsi sakufunika kudziwa musaziike m'kope lopita kusukulu, ndipo makolo avomereze kaye lisanapite. Musalitumize lokha: khalani nawo pansi, muwerenge limodzi, kenako muwapemphe akuuzeni m'mawu awo zimene amva. Mayi aja aimbireni sabata ino, ndipo yankho limene muwapatse pafoni mulilembe pomwepo, likhale ndime yoyamba ya lipotilo.