Chipilala chapakati chikatitimira, momenti yake imatsika

"Akuluakulu, bimu ya masipani awiri a 5 m, katundu 20 kN/m, EI = 20 000 kNm², chipilala chapakati chatitimira 10 mm. Ndikupeza M2 = -86.5. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mwatembenuza chizindikiro basi. Ganizani kaye musanagwire kakyuleta: chipilala chikatitimira ndiye kuti chikuthawa katundu, nanga momenti yopindira bimu pamwamba pake ingakule bwanji? Popanda kutitimira imakhala -62.5, ndiye yankho lanu liyenera kuchepera pamenepo.

Tengani momenti yogwetsa mimba ya bimu ngati +, kutitimira kolowera pansi kwa zipilala zitatuzo, d1, d2 ndi d3, ngati +:

```
M1·L1 + 2·M2·(L1+L2) + M3·L2
= -w·L1³/4 - w·L2³/4 + 6EI[(d2-d1)/L1 + (d2-d3)/L2]
```

Kumapeto onse bimu yangokhazikika, choncho M1 ndi M3 ndi ziro. Katundu akupereka -625 mbali iliyonse. Kutitimirako kulembeni m'mamita, 0.010, osati 10, apa ndi pomwe ambiri amagwera.

```
20·M2 = -1250 + 6(20000)(0.002+0.002) = -770
M2 = -38.5 kNm
```

Musasangalale kuti yatsika. Katundu amene chipilala chathawayo wasamukira kwa anzake. Chakumapeto chinkasenza 37.5 kN, tsopano chikusenza 42.3, chapakati chatsika kuchoka pa 125 kufika 115.4. Choopsa chili m'kati mwa sipani: momenti ya kumimba yakwera kuchoka pa 35.2 kufika 44.7 kNm. Mamilimita khumi okha, osakwana kunenepa kwa chala! Zitsulo zam'munsi zimene munawerengera 35 ndi zomwe zikulira, ming'alu imayambira kunsi kwa bimu n'kumakwera. Kutitimira kukafika 26 mm, momenti ya pachipilalapo yatheratu, kupitirira apo zitsulo zapamwamba zija zangokhala alendo. Chikatitimira chimodzi chakumapeto 10 mm, zinthu zimatembenuka: M2 ifika -74.5, mng'alu uonekera pamwamba pa chipilala chapakati.

Chimandiwawa ndi makontirakitala ena kuno ku Ntcheu. Kuchigwa cha Bwanje dothi ndi makande, limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, koma munthu akumba maziko ofika m'mawondo, athira konkire, walandira zake wapita. Pakatha mvula ziwiri bimu yang'aluka, mwini nyumba akulozera chala amene anawerenga zitsulo. Iwowo amangomata pulasitala pamng'alu, ngati pulasitala ndi amene asenze katundu.

Komabe nambalayi musaikhulupirire kwambiri pa konkire. Imatenga EI ngati yosasintha, pomwe bimu ikang'aluka imafewa, ndipo kutitimira kwapang'onopang'ono konkire amakuzolowera, momenti yobwera ndi kutitimirako imachepa. Pamayeso lembani -38.5. Kumalo antchito ikani chizindikiro pachipilala chilichonse, yezani ndi levulo mwezi ndi mwezi poyerekeza ndi malo osasuntha, ndipo kumbukirani kuti chowerengedwa ndi kusiyana kwa d2 ndi anzake. Zonse zitatu zikatitimira mofanana, momenti sisintha.